Rileyi ikamakana kugwira, yambani mwafunsa rezisita ya pa besi

Achinyamata ambiri amene aphunzira zamagetsi masiku ano amafuna kudzipangira makina oswetsera mazira. Nzeru yake ndi yosavuta. Pamafunika bokosi, babu lotenthetsa, kachipangizo koyeza kutentha, ndi bolodi ya Arduino yoti iziyatsa ndi kuzimitsa babulo kuti mazira akhale pa madigiri pafupifupi 37.5 kwa masiku 21. Pakati pa Arduino ndi babu amaikapo rileyi, ndipo pakati pa Arduino ndi rileyi amaikapo thiranzisita. Poyesa masana zonse zimayenda, rileyi nkumalira kuti khethe, khethe. Koma m'bandakucha wina wa mu Juni rileyi ija imangoti zii, babu osayaka, mazira nkuzizidwa. Mwini makina amagula rileyi ina, amalembanso pulogalamu, mwinanso kunyoza Arduino kuti ndi yachinyengo. Nthawi zambiri wolakwa amakhala karezisita kamodzi kamene kali pa mwendo wapakati wa thiranzisita, kamene kanasankhidwa mongotola m'kabotolo.

Tiyambe ndi chifukwa chimene thiranzisitayo ikhalira pamenepo. Rileyi yofala kwambiri pa ntchito zotere ndi kabokosi kabuluu kolembedwa SRD-05VDC-SL-C. Mkati mwake muli koyilo, waya wamkuwa wopyapyala wokulungidwa pa kachitsulo. Karenti akadutsa mu koyiloyo kachitsulo kamasanduka maginito, nkukoka kachitsulo kena kamene kamalumikiza mawaya a babu. Phokoso lija la khethe ndi kachitsulo kameneka kakugunda. Ubwino wake ndi woti mbali ya koyilo ndi mbali ya babu sizikhudzana pa magetsi, choncho mavoti 5 angathe kulamula mavoti 230 a pakhoma popanda awiriwa kukumana.

Koyilo ya rileyi imeneyi ili ndi maomu pafupifupi 70. Lamulo la Ohm limati karenti ndi voteji kugawa ndi maomu:

```
Ic = 5 V / 70 Ω = 0.071 A = 71 mA
```

Apa ndiye pali nkhani. Phini imodzi ya Arduino Uno inapangidwa kuti izipereka mamiliampu 20, ndipo 40 ndi malire amene wopanga amati mukawapyola musadabwe phiniyo ikapsa. Koyilo ikufuna 71. Mukailumikiza mwachindunji ku phini, mwina rileyi siigwira, mwina phini ifa, mwinanso zonse ziwiri. Ndiye timafuna wina woti amve mawu a phini koma katundu asenze yekha, ndipo ameneyo ndi thiranzisita ya mtundu wa NPN monga PN2222A, BC337 kapena BC547.

Thiranzisita ili ndi miyendo itatu: besi, kolekita ndi emita. Kalumikizidwe kake nkotere. Mbali imodzi ya koyilo ipite ku 5 V, mbali inayo ipite ku kolekita. Emita ipite ku negetivi, imene pa bolodi imalembedwa GND. Besi ipite ku phini ya Arduino, koma kudzera mu rezisita. Phini ikakwera kufika pa 5 V, karenti wochepa amalowa pa besi nkutulukira pa emita, ndipo zimenezo zimatsegula njira yoti karenti wambiri adutse kuchokera ku koyilo, kulowa pa kolekita, nkutsikira ku negetivi. Phini ikatsika pa 0 V njira ija imatsekeka.

Rezisitayo siyoikapo mwamwambo chabe. Pakati pa besi ndi emita pali ngati dayodi: voteji yake ikangofika cha m'ma 0.7 V, siikweranso kwenikweni, koma karenti ndi amene amakwera mopanda malire. Popanda rezisita, phini ikhala ngati yalumikizidwa ku negetivi. Choncho rezisita ndi imene imanena kuti besi ilandira karenti wochuluka bwanji, ndipo funso lonse la nkhani ino ndi limeneli: wochuluka bwanji?

Kukhuta kwa thiranzisita

Thiranzisita ingathe kukhala m'njira zitatu. Ingakhale yozimiratu, besi isakulandira kanthu. Ingakhale yotseguka pang'ono, pamene karenti wa pa kolekita amatsatira wa pa besi: mukawonjezera uyu, uyonso amakwera. Mmenemo ndi mmene imagwirira ntchito mu wailesi ndi mu ampulifaya, pokweza mawu. Njira yachitatu ndi pamene besi yalandira karenti wokwanira nkutsalako, moti ngakhale muwonjezere, wa pa kolekita sakweranso chifukwa koyilo yokha ndi imene ikumuletsa. Apa amisiri amati yafika pa sachuresheni, yakhuta. Ikakhuta, voteji ya pakati pa kolekita ndi emita imagwa kufika pa 0.1 kapena 0.2 V, ndipo pafupifupi mavoti onse 5 amapita ku koyilo kumene akufunika.

Swichi imafuna njira yoyamba ndi yachitatu basi. Yapakatiyo ndi imene imazizitsa mazira.

Anthu ambiri amagwera pakatipo chifukwa cha nambala imodzi yotchedwa hFE. Nambalayi imanena kuti thiranzisita imachulukitsa karenti wa pa besi kangati. Munthu amamva kuti hFE ndi 200, ndiye amawerengera kuti koyilo ikufuna 71 mA, kugawa ndi 200 ndi 0.36 mA, choncho rezisita ya maomu 10,000 ikwana. Masamu ake ndi olondola ndithu. Cholakwika ndi kukhulupirira 200 uja.

Tsegulani pepala la wopanga PN2222A, lija amati detashiti. Pa karenti wa 150 mA likulonjeza kuti hFE ikhala pakati pa 100 ndi 300. Thiranzisita ziwiri zochokera m'paketi imodzi zingasiyane katatu, ndipo zonse ndi zabwinobwino. BC547 ndiye imayambira pa 110 kukafika 800, nchifukwa chake amaigawa m'magulu A, B ndi C. Komanso nambala ya 100 mpaka 300 ija amaiyeza pamene pakati pa kolekita ndi emita pali 10 V. Pepala lomwelo likunena kuti voteji imeneyo ikatsika pa 1 V, chimene akulonjeza ndi 50 yokha. Tanthauzo lake ndi lakuti thiranzisita ikamayandikira kukhuta, mphamvu yake yochulukitsa imafota, pa nthawi yomweyo imene ife tikuifuna. Kuzizira nakonso kumatsitsa hFE. Ndipo kabowo koyezera hFE kamene kali pa mita zambiri zotchipa kamayeza ndi karenti wochepa kwambiri, kotero nambala imene mungawerenge pamenepo isakunyengeni.

Tiyeni tione chimene chimachitika ndi rezisita ya 10k ija. Phini ili pa 5 V, besi yadya 0.7 V, rezisita yatsala ndi 4.3 V:

```
Ib = (5 - 0.7) / 10000 = 0.43 mA
hFE = 200:  0.43 x 200 = 86 mA
hFE = 100:  0.43 x 100 = 43 mA
```

Mukakhala ndi mwayi wotola thiranzisita ya hFE 200, ingathe kudutsitsa 86 mA, ndipo koyilo ikufuna 71 yokha. Rileyi igwira, inu nkumati ntchito yatha. Mnzanu akakopera chojambula chanu nkutola ya hFE 100, koyilo yake ilandira 43 mA basi. Karenti ameneyo pa maomu 70 ndi mavoti 3, ndipo mavoti 2 otsalawo akhala pa thiranzisita nkumasanduka kutentha. Tsono wopanga rileyi amangolonjeza kuti igwira koyilo ikalandira magawo 75 pa 100 a voteji yake, amene ndi 3.75 V. Pa mavoti 3 palibe lonjezo. Ingagwire lero, ikane mawa. Thiranzisita ya hFE ya pakatikati, monga 130, ndiyo yoipitsitsa, chifukwa imagwira masana kukutentha, nkudzakana usiku kukazizira kapena chaja ikafooka pang'ono.

Pali chizindikiro china chimene chimaulula vutoli msanga. Rileyi imafuna mphamvu yambiri kuti ikoke kachitsulo kaja, koma ikakoka imachigwirabe ngakhale voteji itatsika kwambiri. Ndiye mukaona kuti rileyi ili chete koma mukaigogoda ndi chala imati khethe nkugwira, dziwani kuti koyilo ikulandira chakudya chosakwana. Musafulumire kuitaya.

Gawani ndi 10

Njira yodalirika ndi kuiwala hFE nkudzikakamizira nambala yanu yotsika. Mwambo wa akatswiri ndi kupatsa besi gawo limodzi mwa magawo 10 a karenti wa pa kolekita. Nambala imeneyi sanangoilota. Opanga thiranzisita akamalonjeza voteji ya pokhuta, imene amailemba VCE(sat), amanenanso karenti wa pa besi amene anayezera. Pa PN2222A amati siipyola 0.3 V pamene kolekita ili pa 150 mA ndipo besi ili pa 15 mA. Ndi 10 uja. Pa BC547 amayezera ndi 20, monga 100 mA pa kolekita ndi 5 mA pa besi. Mukatsatira chiwerengero cha wopanga, muli ndi lonjezo lolembedwa. Mukatsatira hFE, mukudalira mwayi. Zili ngati munthu wopita ku Mzuzu amene wanyamula ndalama ya basi ndendende monga anamvera chaka chatha: akapeza mtengo wakwera, ulendo wathera pa depoti.

Masamu a makina athu ndi awa:

```
Ic = 71 mA
Ib = 71 / 10 = 7 mA
Rb = (5 - 0.7) / 0.007 = 614 Ω
```

Rezisita ya maomu 614 simungaipeze m'sitolo. Zimene zimapezeka pafupi ndi 560 ndi 680. Sankhani yotsika, 560, ya mizere yobiriwira, yabuluu ndi yabulawuni, chifukwa rezisita yocheperapo imapatsa besi karenti wochulukirapo, ndipo kumeneko ndi kumene kuli chitetezo. Pali zifukwa ziwiri zopendekera kumeneko. Phini ya Arduino ikamapereka karenti siikhala pa 5 V yeniyeni, imatsikako pang'ono. Besi nayonso ikakhuta imadya 0.8 V kapena kuposerapo, osati 0.7. Zonsezi zimachepetsa karenti amene munawerengera. Ndi 560, besi ilandira pafupifupi 7 mA, phini ili kutali ndi malire ake a 20 mA, ndipo thiranzisita iliyonse ya m'paketi ija ikhuta, kaya ndi Juni kaya ndi Okutobala. Kutentha kwa mu rezisita ndi kochepa zedi, kotero karezisita wamba ka kota wati nkokwana.

Wina afunsa kuti nanga 1k imene ili m'zojambula zambiri? Imapereka 4.3 mA, ndiye 71 kugawa ndi 4.3 ndi pafupifupi 16. Zimenezo zili bwino ndithu, ndipo pa rileyi imeneyi 1k imagwira ntchito. Sindikunena kuti 10 ndi lamulo la m'malemba. Pakati pa 10 ndi 20 muli pabwino. Mukafika 50 mwayamba kudalira mwayi, ndipo mukafika 165, pamene 10k ija inatifikitsa, mwatuluka m'lonjezo lililonse.

Komanso musati poti kuchepa nkwabwino ndiye tiike ya maomu 100. Masamu ake ndi 43 mA, kupyola malire a phini, ndipo rileyi siipindulapo kanthu, chifukwa thiranzisita ikakhuta yakhuta. Kwa amene makina awo amadalira batire la sola, karenti aliyense wopita ku besi mopitirira muyeso ndi wongotayika usiku wonse.

Chimene chimasokoneza anthu ndi kutenga rezisita ya m'chojambula china nkuiika pa zipangizo zina. Masamuwa ayenera kubwerezedwa chinthu chikasintha. Mukachotsa Arduino Uno nkuikapo ESP32, phini zake zimapereka 3.3 V, ndiye rezisita itsala ndi 2.6 V yokha. Kugawa ndi 0.007 kumatipatsa 371, ndipo mungasankhe 330. Pa bolodi imeneyi 1k ija ipereka 2.6 mA basi, chiwerengero nkukwera kufika 27. Mukasintha rileyi nkuika ya 12 V ya mtundu womwewo, koyilo yake ndi ya maomu pafupifupi 400, karenti ndi 30 mA, besi ikufuna 3 mA, ndipo 1.2k kapena 1k ikwana bwino. Taonani kuti mavoti 12 aja salowa m'masamu a rezisita ya besi. Amangotithandiza kupeza karenti wa koyilo. Rezisita imawerengeredwa kuchokera ku voteji ya phini.

Rileyi za m'galimoto, zija zakuda zimene amakanika amaika pa malaiti ndi pa hutala, zimadya kwambiri, zambiri cha m'ma 150 mA. BC547 pamenepo siyoyenera, pakuti malire ake ndi 100 mA. Ndipotu ngakhale pa rileyi yathu ya 71 mA ine ndingasankhe PN2222A ya 600 mA kapena BC337 ya 800 mA, osati BC547 imene yayandikira kale malire. Pa 150 mA besi ikufuna 15 mA, rezisita ya 270, ndipo phini ya Arduino yatsala pang'ono kufika pa 20. Kupyola pamenepo thiranzisita imodzi yotere siikwananso. Muyenera kuganiza za Darlington monga TIP120, kapena ULN2003 imene imayendetsa makoyilo asanu ndi awiri, kapena MOSFET yotha kuyatsidwa ndi voteji ya phini.

Zitatu zimene rezisita yabwino singakuchitireni

Choyamba ndi dayodi. Koyilo ikamadutsa karenti imasunga mphamvu mu maginito ake, ndipo thiranzisita ikazima mwadzidzidzi mphamvuyo imafuna potulukira. Voteji ya pa kolekita imalumpha kwa kanthawi kochepa kwambiri, ndipo ingapyole mavoti 40 amene PN2222A imapirira ngakhale seketi yonse ili ya mavoti 5. Thiranzisita siifa tsiku lomwelo nthawi zonse. Imavulala pang'onopang'ono, tsiku lina nkungopezeka kuti rileyi yagwira osasiyanso, babu likuyaka osazima. M'makina a mazira zimenezo nzoipa kuposa kuzizira. Mankhwala ake ndi dayodi ya 1N4007 kapena 1N4148 yoikidwa pa miyendo iwiri ya koyilo, mbali ya kamzere ikuyang'ana ku positivi. Onetsetsani kamzereko kawiri. Mukatembenuza, dayodi ilambalala koyilo, ndipo thiranzisita ikangoyaka ilumikiza positivi ndi negetivi nkupsa.

Chachiwiri ndi rezisita ina, ya 10k, yochokera pa besi kupita ku negetivi. Arduino ikamadzuka, pulogalamu isanayambe, maphini ake amakhala ongolenjekeka, sali pamwamba sali pansi. Rezisita imeneyi imagwira besi kuti ikhale pansi mpaka italamulidwa. Imaba 0.07 mA yokha, zosasokoneza masamu athu. Kumene magetsi amazimazima, bolodi imadzuka kangapo pa tsiku, ndiye nkoyenera kuiika.

Chachitatu ndi negetivi. Ngati koyilo ikudya ku batire la 12 V pamene Arduino ikudya ku chaja, negetivi ya batire ndi GND ya Arduino ziyenera kulumikizidwa. Popanda waya ameneyo karenti wa pa besi alibe njira yobwerera kwawo, ndipo palibe chichitike ngakhale rezisita ili yolondola.

Samalaninso ndi miyendo. Mukayang'ana mbali yafulati, miyendo italoza pansi, BC547 ndi BC337 zimayamba ndi kolekita kumanzere, besi pakati, emita kumanja. PN2222A ndi 2N3904 zimayamba ndi emita. Ndiye palinso P2N2222A, dzina lofanana kwambiri, koma miyendo yake ili ngati ya BC547. Choipa nchakuti thiranzisita yotembenuzidwa siikaniratu. Imagwirabe ntchito mofooka, hFE yake itatsika kwambiri, ndipo zizindikiro zake zimafanana ndi za rezisita yokula.

Mita ndiyo imaweruza

Masamu akatha, musakhulupirire khutu. Khethe sakutanthauza kuti thiranzisita yakhuta. Chotsani mawaya a babu ndi a magetsi a pakhoma, kenako ikani pulogalamu yongoyatsa phini nkuisiya choncho:

```
void setup() {
  pinMode(8, OUTPUT);
  digitalWrite(8, HIGH);
}
void loop() {}
```

Ikani mita pa mavoti a DC, waya wakuda pa emita, wofiira pa kolekita. Mukawerenga pansi pa 0.3 V, yakhuta. Mukawerenga 1 V kapena 2 V, ili pakati paja, ndipo mwina rezisita yakula, mwina miyendo yatembenuzidwa. Mukawerenga 5 V yonse, siinayake konse, ndiye sunthani waya wofiira upite pa besi. Pamenepo payenera kukhala pakati pa 0.7 ndi 0.9 V. Pakakhala 0 V, lamulo silikufika: onani phini, rezisita ndi negetivi ija. Pakakhala pafupifupi voteji yonse ya phini, ndiye kuti emita siinalumikizidwe kapena thiranzisita inaduka mkati. Ndipo ngati kolekita ikhalabe pa 0 V phini itazimitsidwa, thiranzisitayo inapsa kale, ndipo musanaike ina funsani kuti dayodi ili kuti.

Mungadziwenso karenti weniweni wa pa besi popanda kudula waya. Yezani voteji pa miyendo iwiri ya rezisita nkugawa ndi maomu ake. Mukapeza 3.9 V pa 560, besi ikulandira 7 mA. Yezaninso koyilo yokha ndi mita, chifukwa rileyi zooneka zofanana zimasiyana maomu, ndipo zochotsedwa m'mafiriji ndi m'ma UPS akale nthawi zina zilembo zake zinafufutika.

Timabolodi ta rileyi togula tokonzakonza tili nazo kale thiranzisita, rezisita ndi dayodi, kotero sitifuna kuti muwonjezere zanu. Ingodziwani kuti tambiri timayaka phini ikatsika, osati ikakwera. Koma ngati mukulumikiza nokha, yezani koyilo, gawani karenti wake ndi 10, sankhani rezisita yotsika pang'ono kuposa yankho, ndipo musaike dzira ngakhale limodzi m'bokosimo mita isanakuonetseni voteji yosakwana 0.3 V pakati pa kolekita ndi emita. Za mbali ya mavoti 230, ngati simunaphunzire kulumikiza magetsi a m'nyumba, itanani amene anaphunzira adzakumangireni mawayawo ndi kuikapo fyuzi.